Ndikupempha thandizo pa funso la galafu ya mizati

Amake Dalitso, Kapata:
Akuluakulu, sabata yamawa ndikukalemba mayeso olowera ntchito ya ukalaliki kuno ku Chipata, ndipo atiuza kuti kakyuleta saloleza. Pa pepala loyeserera pali galafu yosonyeza matumba a chimanga amene kopaletivu ina inagula. Mzati wa chaka choyamba walembedwa 380, wa chaka chachiwiri 470, ndipo akufunsa kuti matumbawo anawonjezeka ndi maperesenti angati. Mayankho osankhapo ndi 19, 24, 31 ndi 113. Ine ndinasankha 113 chifukwa mzati wachiwiri ndi wautali kuposa kuwirikiza kawiri woyambawo, koma pepala likuti 24. Ndalakwitsa pati, nanga munthu angapeze bwanji yankho mofulumira popanda kugawa kwa njira yaitali?

aTembo, Katete:
Amayi, musadzivute ndi manambala osatha bwinowo. Tengani 380 ngati 400, ndi 470 ngati 500. Kusiyana kwake ndi 100, amene ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a 400, ndiye kuti 25. Yankho loyandikira ndi 24. Njira imeneyi simalephera.

aPhunzitsi Zulu, Chadiza:
Amake Dalitso, yang'ananinso mzere woimirira wa kumanzere kwa galafuyo, ndipo mutiuze nambala imene ili pansi penipeni. Ndikuganiza kuti ukuyambira pa 300, osati pa 0.

Amake Dalitso:
Zoonadi aphunzitsi, ukuyambira pa 300. Mwadziwa bwanji musanalione pepalalo?

aPhunzitsi Zulu:
Ndadziwira pa 113 amene munasankhayo. Mzere ukayambira pa 300, mzati woyamba umangoonetsa 80 okha ndipo wachiwiri 170, motero maso amayerekeza 90 wowonjezekayo ndi 80, pamene matumba 300 a chaka chilichonse adulidwa pachithunzipo. Kutalika kwa mizati kumadalirika pokhapokha mzere ukayambira pa 0. Apo ayi, werengani manambala okha.

Tsopano chitani motere. Kuchoka pa 380 kufika pa 470 ndi 90. Pezani maperesenti 10 a nambala yoyambirira pochotsa 0 wotsirizayo, ndiye kuti 38. Kenako dzifunseni kuti 38 alowa kangati mu 90. Alowa kawiri, kufika pa 76, amene ndi maperesenti 20, ndipo patsala 14. Popeza 14 sanafike theka la 38, yankho lili pakati pa 20 ndi 25, ndipo pa mayankho anayi aja ndi 24 yekha amene ali pamenepo. Simufunika kupitirira apa.

Njira ya aTembo yagwira ntchito chifukwa manambala onse awiri anawakweza pang'ono mofanana. Munthu akakweza 380 kukhala 400 koma natsitsa 470 kukhala 450, apeza maperesenti osafika 13, kutali kwambiri ndi yankho. Ndiponso mayankho akanakhala oyandikana, monga 23, 24 ndi 25, njirayo ikanakusokeretsani. N'chifukwa chake ine ndimakonda kusiya kusiyana kwa manambala kuli momwemo, n'kusintha nambala yogawira yokha ngati kuli kofunika.

Nambewe, Lundazi:
Ine ndimagula soya kwa alimi, ndipo zimenezi zimandikhudza. Ngati kukwera kuchoka pa 380 kufika pa 470 ndi 24, ndiye kuti mtengo ukatsika kuchoka pa 470 kubwerera pa 380 watsikanso ndi 24, si choncho?

aPhunzitsi Zulu:
Ayi, aNambewe. Kusiyana ndi 90 yemweyo, koma tsopano mukuyambira pa 470, ndipo maperesenti 10 ake ndi 47. Kawiri ndi 94, kupitirira 90 pang'ono, choncho watsika ndi maperesenti 19. Muone kuti 19 ameneyu anamuika dala pa mayankho aja kuti akole munthu wogawa ndi nambala ya chaka chachiwiri. Pa tebulo msampha umenewu ndi woopsa kwambiri, chifukwa matebulo ena amayamba ndi chaka chaposachedwa kumanzere, ndipo munthu wofulumira amatenga nambala yoyamba kuiona ngati ndiyo yakale.

Yeserani ndi kalembera wa dziko lathu la Zambia: mu 2010 tinalipo pafupifupi 13.1 miliyoni, ndipo mu 2022 pafupifupi 19.6 miliyoni.

Amake Dalitso:
Kusiyana ndi 6.5, ndipo theka la 13.1 ndi 6.55, ndiye kuti pafupifupi maperesenti 50. Zikomo kwambiri aphunzitsi. Koma pali funso lina pamene tebulo lenilenilo lili kale m'maperesenti: ophunzira okhoza mayeso achoka pa 40 kufika pa 50. Ndiyankhe 10 kapena 25?

aTembo:
Ine ndingayankhe 10 mosakayika, chifukwa manambalawo ndi maperesenti kale.

aPhunzitsi Zulu:
Onse awiri akhoza kukhala olondola. Kusiyana kwa maperesenti awiriwo ndi 10, koma 10 ameneyo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a 40, ndiye 25. Amake Dalitso, tilembereni mawu a funsolo ndendende monga alili papepalapo, pamodzi ndi mayankho osankhapo.