Za kasipuleyi kakuchimbudzi kaja, zatheka

"Ndamanga kasipuleyi kotawasira pambali pa toileti koma madzi sakutuluka, chalakwika n'chiyani?" Ndinafunsa choncho sabata yatha.

Abale, vuto linali cheki vavu, ija imalola madzi kudutsa mbali imodzi yokha, ndinaimanga chozondoka. Pathupi pake pali kamuvi kosonyeza komwe madzi akuyenera kupita, ine kanali kakuloza kukhoma m'malo moloza kusipuleyi ndiye imangotseka njira. Ndinatseka madzi pamita, kumasula, kutembenuza, pano zili motere: engo vavu ya hafu inchi pakhoma, cheki vavu, kenako fuleksibo mpaka kusipuleyi. Wina anati cheki vavuyo ingoichotsani, ayi ndakana, kwathu kuno ku Chibavi madzi akasiya paipi imatha kuyamwa chobwerera ndiye tangoganizani mwana wasiya sipuleyi yagwera m'toileti, zonsezo zilowe m'paipi ya madzi akumwa?

Kenako panayamba kudontha pa nati ya fuleksibo. Ndinali nditakulungapo tepi, kani pamenepo safuna tepi, imagwira ndi kawasha karabala kam'kati ndipo kanga kanaphwanyika chifukwa chomangitsa. Ndaika kena, kumanga ndi dzanja, sipanala pang'ono basi, tishu ndapukutira ndi youma.

Engo vavu tikumatseka tikamaliza, madzi akabwera ndi mphamvu usiku fuleksibo isaphulike tili m'tulo.