Malungo, TB ndi HIV pa wodwala mmodzi: funso lotere mumaliyankha bwanji pa mayeso?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikuphunzira zachipatala, ndili chaka chomaliza, mayeso atsala masabata atatu. Malungo ndinawerenga paokha, TB payokha, HIV payokha, koma akaziphatikiza mu funso limodzi mutu umaima. Onani lomwe tinapatsidwa poyeserera. Bambo wa zaka 34, wolemera makilogalamu 48, ali ndi HIV koma anasiya ma ARV chaka chatha. Wakhala akutsokomola kwa masabata atatu, akutuluka thukuta usiku, waonda, thupi likutentha. Masabata awiri apitawo anamwa LA n'kumaliza. Lero RDT ya malungo yaonetsa mizere iwiri, CD4 ili pa 85. Funso likuti: akudwala chiyani, muyeza chiyani, mupereka mankhwala ati ndipo motsatana bwanji? Ine ndinalemba kuti malungo sanathe, apatsidwe mankhwala ena a malungo, ayambirenso ma ARV lero lomwe. Ndinapeza 4 pa 20. Ndinalakwitsa pati? Nanga zitatuzi mumaziwerenga bwanji pamodzi?

Mnzake wa chaka chomaliza: Aise, RDT ija inali msampha. Imatha kuonetsabe mizere iwiri kwa masabata angapo munthu atachira kale, chifukwa imagwira zotsalira za tizilombo m'magazi. Apa ndi TB basi. Ukanalemba kuti ayambe mankhwala a TB, ma ARV adikire mpaka amalize miyezi isanu ndi umodzi.

Dokotala wa kukiliniki ya ma ARV: Achimwene, pa RDT mwalondola, koma pa kudikirapo mwaphonya, ndipo kuphonya kwake n'kotayitsa moyo. Munthu wa CD4 85 sangakhale miyezi isanu ndi umodzi opanda ma ARV.

Tiyambe ndi malungo. Simunganene kuti alipo, simunganenenso kuti palibe, musanaone magazi pa maikulosikopu. Lembani zimenezo poyamba. Koma ngakhale tizilombo tipezeke, malungo satsokomoletsa munthu masabata atatu n'kumuondetsa chonchi. Wolemba funsoyo akufuna aone ngati muima pa chinthu choyamba chomwe mwapeza. Ku wodi zimachitika ndithu: munthu wamwa LA kawiri, katatu, buku lake lakuchipatala ladzaza "malungo", pomwe thalauza akumangira chingwe.

CD4 ikatsika kupyola 200, pali zoyeza zomwe zimayendera limodzi. Makhololo apite ku GeneXpert, yomwe imauzanso ngati TB yake ikumva rifampisini, mmodzi mwa mankhwala akuluakulu a TB. Mkodzo uyezedwe LAM, yomwe nayonso imafufuza TB, chifukwa odwala otere nthawi zambiri makhololo awo saonetsa kanthu, kapena satuluka n'komwe. Magazi ayezedwe CrAg, yofufuza kiriputo, matenda a fangasi omwe amagwira ubongo. Ndipo mulembe kuti mwamufunsa za mutu ndi kumugwira khosi. Ambiri amataya malikisi pamenepa.

TB ikatsimikizika, RHZE, mankhwala anayi a TB mu pilitsi limodzi momwe mulinso rifampisini, ayambe tsiku lomwelo, pa makilogalamu 48 ndi mapilitsi atatu patsiku kwa miyezi iwiri, kenako RH, awiri mwa anayiwo, miyezi inayi. Piridokisini musaiwale, kuteteza dzanzi ndi kutentha kwa mapazi. Bakitirimu nayenso ayambe. Ma ARV abwere mkati mwa masabata awiri chiyambireni mankhwala a TB. Kupatula ngati matenda afika ku ubongo, kaya ndi TB kaya ndi kiriputo; pamenepo timadikira masabata angapo, chifukwa chitetezo chikadzuka mwadzidzidzi chimatupitsa m'mutu ndipo munthu atha kufa. N'chifukwa chake ndati khosi ndi mutu zikhale pa pepala lanu.

Wofunsa: Zikomo adokotala. Ndiye ma ARV ake ndi 13A monga mwa nthawi zonse?

Dokotala wa kukiliniki ya ma ARV: Eya, koma osati yokha. Rifampisini amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, ndiye DTG, mmodzi mwa ma ARV atatu omwe ali mu pilitsi la 13A, amatha msanga m'magazi. Wodwala amwe pilitsi lake la 13A, pakatha maola 12 amwenso DTG wa mamiligalamu 50 payekha. Ndipo apitirize choncho kwa masabata awiri atamaliza mankhwala a TB, poti chiwindi sichibwerera mwakale tsiku limodzi. Masabata awiri omalizawa ndi omwe ophunzira amaiwala kwambiri.

Mayi wina wa pagulu pano: Pepani kulowerera, ine si wa sukulu. Mayi anga anayamba mankhwala a TB sabata yatha, nawonso ali pa ma ARV. Mkodzo wawo wafiira ngati sobo. Aneba akuti ndi malungo aakulu, asiye mankhwalawo. Ndichite bwanji?

Namwino wa kuwodi ya amuna: Mayi, asasiye chonde. Limodzi mwa mankhwala a TB limafiiritsa mkodzo, thukuta ngakhale misozi, ndipo zimenezo sizoopsa. Zoti muthamange nawo kuchipatala tsiku lomwelo ndi izi: maso achita chikasu, akusanza osaleka, thupi latentha kwambiri, akusokonezeka mutu, kapena mkodzo wada bii ngati tiyi wopanda mkaka. Ngati mtima sukukhazikika, pitani nawo mawa akawaone, mutenge mankhwala onse m'kajumbo.

Kwa wofunsa uja, ine pomwe ndinkawerenga ndinatenga pepala lalikulu, pakati n'kulembapo rifampisini, kenako mivi kupita ku mankhwala onse omwe amawafooketsa: DTG, LA, mapilitsi olera ndi kachingwe ka pamkono. Pepala lachiwiri linali la "thupi latentha", ndi mafunso atatu okha: kwa masiku angati, CD4 ili pati, wamwa kale chiyani. Funso lanu lija likuyankhika ndi atatu amenewa. Usiku uliwonse tinkakhala atatu, mmodzi n'kupeka wodwala, ena n'kumasintha chinthu chimodzi. Bwanji akanakhala mayi woyembekezera? Ndiye kuti Fansida sapatsidwa, poti ali kale pa Bakitirimu. Bwanji akanabwera akukomoka? Ndiye atesuneti wa mumtsempha, mankhwala a malungo aakulu, mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu, nthawi yomweyo, pakatha maola 12, pakathanso maola 24 chiyambireni, uku mukuyeza shuga. Bwanji atabwerera patatha masabata atatu ali pa ma ARV, thupi latenthanso, mwanabere watupa m'khosi? Muganize za IRIS, kutupa komwe kumabwera chitetezo chikadzuka mwadzidzidzi, koma mutayeza kaye malungo ndi kufunsa ngati akumwadi mankhwala. Ma ARV musamusiyitse.

Wofunsa: Achemwali, pa LA paja mwandidzutsira funso lina. Bambo yemweyu akadwaladi malungo mwezi wamawa ali pa RHZE, maikulosikopu yatsimikiza, akudya, akuyenda, ndilembe chiyani ngati rifampisini akufooketsa LA?

Mnzake wa chaka chomaliza: Ine ndinamva kuti amawonjezera masiku, m'malo mwa atatu akhale asanu.

Dokotala wa kukiliniki ya ma ARV: Alipo akatswiri omwe amaganiza choncho, koma musalembe ngati lamulo pokhapokha mwaziona m'buku la malangizo a Unduna lomwe aphunzitsi anu akugwiritsa ntchito. Ine ndikanalemba chonchi: LA mapilitsi anayi kawiri patsiku kwa masiku atatu, amwere pa chakudya chamafuta monga phala la nsinjiro, mankhwala a TB asaime, ndipo ndifotokoze kuti mphamvu ya LA itsika, choncho malungo atha kubwerera, abwere akaonedwenso pa maikulosikopu, osati pa RDT.

Namwino wa kuwodi ya amuna: Adokotala, ine pamenepo mtima sunakhazikike. Wodwala wochokera kutali ukamuuza kuti abwerenso, ya thiransipoti alibe, sabwera.

Wofunsa: Mawa ndikafunsa aphunzitsi kuti pa mayeso amalandira yankho liti, ndidzalemba pano. Alipo ali ndi funso lina la mayi woyembekezera loti tiyeserere usiku uno?