Ndingawonjezere bwanji mapuloteni m'phala popanda kukweza makalori?

Moni nonse. Phala langa la m'mawa ndimaphika ndi magalamu 100 a mgaiwa ndi 20 a shuga, zomwe zimandipatsa makalori pafupifupi 440 koma mapuloteni magalamu 9 okha, pomwe ndikufuna 20.

Nditathira nsinjiro magalamu 30, mapuloteni anafika 17, koma makalori anakwera kufika 610 chifukwa mtedza uli ndi mafuta ambiri. Kenaka ndinasakaniza mgaiwa magalamu 70, ufa wa soya 30 ndi shuga 15. Makalori anabwerera pa 440, mapuloteni 17, koma phalalo linkanunkha chiwisi, mwina chifukwa soyayo sindinamukazinge mokwanira ndisanakagayitse.

Kodi soya ndizimukazinga mpaka aoneke bwanji, ndipo magalamu 3 otsalawo ndiwapeze powonjezera soya n'kuchepetsa mgaiwa kapena shuga?