Ntchito ya K900,000 ku Chileka, ndigule Mira ya ngongole kuti ndiiyambe?

Tadala wa ku Bangwe
Abale ndithandizeni, ndili ndi makalata awiri a ntchito ndipo onse akufuna yankho pofika Lachisanu. Yoyamba ili ku Limbe, malipiro K650,000 opanda alawansi iliyonse, koma nkhomaliro ndi ya ku kantini ya kampani ndipo zachipatala amalipira okha zonse. Yachiwiri ili cha ku Chileka, besiki K600,000, ya nyumba K180,000, ya thiransipoti K120,000, zonse pamodzi K900,000. Kumeneko amagwira mpaka Loweruka ndipo poyambira ndi 7 koloko. Ine ndimakhala ku Bangwe. Msuweni wanga akugulitsa Mira yake K7,500,000, ine ndasunga K2,000,000, zotsalazo ndikuganiza zokatenga ku banki. Mtima wanga uli pa yachiwiriyi chifukwa kusiyana kwake ndi K250,000 yathunthu. Kodi galimotoyi ndigule?

Che Jafali
Achemwali tengani yachiwiriyo musachedwe. Alawansi sadula msonkho, ndiye K300,000 imeneyo ikubwera yonse m'thumba. Galimoto ndi katundu, mawa zikavuta mugulitsa.

Nachisale
Che Jafali, pamenepo ayi. Ine ndakhala ndikukonza malipiro a antchito zaka zambiri ndipo anthu amabwera ku ofesi mwezi woyamba atakwiya chifukwa cha maganizo omwewa. Alawansi ya nyumba kapena ya thiransipoti ikamaperekedwa ngati ndalama mwezi ndi mwezi imaphatikizidwa ku malipiro, ndipo PAYE imawerengedwa pa zonsezo. Mwina mukusokoneza ndi ija amapatsa munthu akatumidwa ku Mangochi kuti akalipire pogona ndi chakudya. Imeneyo ndi nkhani ina.

Tadala, tiyeni tiwerenge limodzi potsata magawo a msonkho omwe ankagwira kuyambira mu Epulo 2024. K150,000 yoyamba sankadula kanthu. K350,000 yotsatira, kufika pa K500,000, ankadula 25 peresenti, yomwe ndi K87,500. Zapamwamba pa K500,000 ankadula 30 peresenti mpaka kukafika pa K2,550,000, komwe inu simunafikeko.

Ya ku Limbe ija, pamwamba pa K500,000 pali K150,000, msonkho wake K45,000. Kuphatikiza ndi K87,500 ija, MRA itenga K132,500. Penshoni yanu ndi 5 peresenti, K32,500. Ku akaunti kulowa K485,000.

Ya ku Chileka, pamwamba pa K500,000 pali K400,000, msonkho wake K120,000, ndiye yonse ndi K207,500. Penshoni akamawerengera pa besiki yokha ndi K30,000. Patsala K662,500. Koma simunanene za chipatala kumeneko, kalatayo ikuti chiyani?

Tadala wa ku Bangwe
Zikomo amayi. Akuti kampani ilipira theka, theka linalo adula kwa ine. Nditafunsa anati ineyo ndi mwana wanga ndi K35,000 pa mwezi.

Nachisale
Ndiye kulowa K627,500. Onani tsopano, kusiyana kuja mumati K250,000 kwatsika kufika pa K142,500, ndipo apa simunatuluke m'nyumba kukakwera minibasi.

Bambo a Chisomo
Ine ndimadziwa kuti ukangodutsa hafu miliyoni amadula 30 peresenti pa salale yonse. N'chifukwa chake anthu ena amakana kukwezedwa.

Nachisale
Sichoncho bambo. Pa magawo a 2024 aja, 30 peresentiyo imagwira gawo lokhalo lomwe ladutsa K500,000. Munthu akakwezedwa ndi K10,000 pamenepa amatsala ndi K7,000 msonkho utadulidwa kale, penshoni isanachoke. Sangalandire zochepa kuposa kale chifukwa cha PAYE. Amene akukana kukwezedwa pa chifukwa chimenecho akudzimana.

Yamie Ndirande
Nkhani ya msonkho ndasiyira amayiwa, ine ndinena za msewu chifukwa ndinagwirako mbali imeneyo chaka chathunthu. Kuchoka ku Bangwe ndi maminibasi atatu: Bangwe kufika Limbe, Limbe kufika m'tauni, kenako ya ku Chileka. Tadala uwerenge ndi mitengo yomwe ukulipira sabata ino, koma ine ndikuona kuti sipachepera K4,000 ulendo umodzi, K8,000 pa tsiku. Poti Loweruka ukugwira, masiku ndi 26 osati 22, ndiye K208,000. Alawansi ya thiransipoti ija ya K120,000 ikadulidwa msonkho imatsala K84,000, sikufika ngakhale theka la ulendowo.

Ndipo pali zina zosalembeka. Madzulo mvula ikagwa kapena mafuta akasowa kondakitala amangotchula mtengo womwe wafuna, iwe n'kukwera chifukwa kwada. Kuti 7 koloko ikupeze pa geti uyenera kukhala pa siteji 5 koloko isanakwane, minibasi ya ku Limbe n'kumadikira kuti idzaze. Ine ndinkafika kunyumba mwana atagona, kuchoka asanadzuke. Nkhomaliro nayonso ndi yogula, nsima ya pa lesitilanti K3,000, pa mwezi K78,000, pokhapokha ngati uzinyamula m'kontena.

Tadala wa ku Bangwe
Ndawerenga. K627,500 kuchotsa K208,000 ndi K78,000 kutsala K341,500. Ku Limbe ndimakwera imodzi, K1,000 kupita K1,000 kubwera, masiku 22 ndi K44,000, kutsala K441,000. Ndiye kuti ya malipiro ochepayo ikundisiyira pafupifupi K100,000 yoposa inayo? Komatu n'chifukwa chake ndimaganiza za galimoto, kuti ya minibasiyo ndizithira mafuta, nthawi n'kupulumutsanso.

Mjomba Kaliwo
Mwanawe, ndili ndi kagalimoto kotere chaka chachinayi tsopano, ndikuuze mmene kamadyera. Bangwe kukafika ku Chileka ndi makilomita pafupifupi 30, kupita ndi kubwera 60. Ogulitsa adzakuuza kuti Mira imangonunkhiza mafuta, ndipo pa msewu wautali ndi zoona, koma pa mndandanda wa m'mawa pa Chipembere Highway, kuima n'kunyamuka, werengera makilomita 15 pa lita. Ndi malita anayi pa tsiku. Petulo pa mtengo wa mu 2024 wa K2,530 ndi K10,120 pa tsiku, masiku 26 ndi K263,000 ndi kanthu. Mafuta okha aposa kale minibasi.

Tsono ngongole. K5,500,000 pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti pa chaka, kubweza zaka zitatu, ndi pafupifupi K233,000 mwezi uliwonse. Miyezi yoyambirira yoposa theka la ndalama imeneyo ndi chiwongoladzanja chokha, ngongole yeniyeniyo imatsika pang'onopang'ono. Chotsa ziwirizi pa K627,500, utsala ndi K131,500. M'menemo mudye, mulipire lendi, fizi ya mwana, komanso inshulansi, COF, oyilo, matayala. Tsiku lomwe shokabu yafa pa maenje, kapena giyabokisi yayamba kuzengereza polowa, ulibe poyambira chifukwa K2,000,000 yako ija yalowa kale m'galimoto. Ukakhala pa mzere wa mafuta usiku wonse, m'mawa ukwerabe minibasi ngongole ikuwerengabe.

Sindikuti galimoto ndi yoipa. Pa malipiro awa, pa mtunda uwu, ya ngongole ayi.

Che Jafali
Za msonkho ndavomera ndinalakwitsa. Koma galimotoyo akhoza kumanyamula anthu atatu a njira yomweyo n'kumasonkherana mafuta. Ambiri akuchita zimenezo ndipo zikuwayendera.

Mjomba Kaliwo
Zimathandizadi, mafuta akhoza kutsika ndi theka. Koma K233,000 ija siitsika, ndipo anzakowo tsiku lomwe ali pa tchuthi salipira. Afunsenso a inshulansi ngati pepala lake likulola kunyamula anthu olipira, chifukwa ngozi ikachitika ndi pomwe zimadziwika.

Gift Kachere
Ngati mukufuna galimoto yabwino ndili ndi mnzanga amaitanitsa kuchokera ku Japan kudzera pa Dar, Mira yakale musagule, onjezerani pang'ono mutenge Sienta muzipangira ndalama Loweruka ndi Lamlungu.

Yamie Ndirande
Gift werenga kaye kuchokera pamwamba, Loweruka munthuyu ali ku ntchito, ndipo vuto ndi loti ndalama sizikukwana ngakhale pa yaying'onoyo.

Mayi Mbewe
Ine ndikuona ngati tonse tathamangira kukana ntchito ya ku Chileka pomwe chovuta si ntchitoyo koma Bangwe. Mng'ono wanga atapeza ntchito mbali imeneyo anasamukira ku Chirimba, minibasi imodzi basi. Tinene K1,500 ulendo umodzi, masiku 26 ndi K78,000. Ukamanyamula chakudya cha kunyumba, pa K627,500 utsala ndi K549,500, kuposa ya ku Limbe ndi K108,500. Galimoto osagula, K2,000,000 ili pomwepo. Tadala, nyumba ukukhalayo ndi ya lendi?

Tadala wa ku Bangwe
Ndi ya azakhali, ndimapereka K60,000 yokha, ndipo ndi iwo amandisungira mwana akaweruka ku sukulu. Ndikasamuka ndiye lendi yeniyeni, mwina K130,000, landilodi n'kufuna miyezi itatu pakamodzi, komanso ndifune munthu wolera mwana.

Mayi Mbewe
Ndiye pa K108,500 ija lendi yokha yadyapo K70,000. Wantchito akalowapo yatha. Komabe ine sindikuchotsa mawu anga onse, chifukwa sitinafunse kuti ntchito iti ili ndi tsogolo. Ngati ya ku Chileka ndi yoti pakatha chaka ukhala woyang'anira anzako, kuvutika miyezi khumi ndi iwiri kuli ndi phindu.

Nachisale
Mfundo imeneyo ndi yoona ndipo masamu anga sangaiyankhe. Ndingowonjezera chimodzi chomwe anthu sachiona pa kalata. Malo ambiri akamakweza malipiro, kapena kupereka bonasi ya Disembala, amawerengera pa besiki. Besiki ya ku Limbe ndi yaikulu ndi K50,000. Bwana amaikanso 10 peresenti yake ku penshoni yanu, ndiye ku Limbe ndi K65,000 pa mwezi, ku Chileka K60,000 ngati akutengera besiki. Sindalama yogulira ufa lero koma ndi yanu. Alawansi ija imatha kukhala pamodzimodzi zaka zitatu mitengo ya minibasi ikukwera.

Musanasaine, pemphani a HR mbali zonse ziwiri akulembereni peyisilipi yoyerekeza, yosonyeza chilichonse chodulidwa. Pamatuluka tina monga chama cha maliro, yuniyoni, yunifomu. Funsaninso ngati pa miyezi yoyeserera amalipira zonse, ndipo muonetsetse magawo a PAYE omwe akugwira mwezi umenewo chifukwa amasintha ndi bajeti.

Yamie Ndirande
Ufunsenso ngati ali ndi basi ya antchito. Komwe ndinkagwira ine inalipo yonyamukira m'tauni koma palibe anandiuza mpaka mwezi wachiwiri. Ikakhalapo, K4,000 pa tsiku yapulumuka.

Tadala wa ku Bangwe
Msuweni ndamuimbira, ndamuuza kuti Mira agulitse kwa wina. Za ntchito sindinatsimikize. Basi ija ikakhalapo ndiye thiransipoti itsika kufika pa K104,000, ndikamanyamula chakudya nditsala ndi K523,500, kuposa ku Limbe ndi K82,500, koma ndi Loweruka lililonse ku ntchito komanso kudzuka 4 koloko. Mawa m'mawa ndiwaimbira a ku Chileka za basiyo ndi peyisilipi, kenako ndipita ku Limbe kukafunsa ngati angakwezeko kufika K700,000. Amayi Nachisale, pa K700,000 neti ingakhale zingati?

Nachisale
Msonkho K147,500, penshoni K35,000, kulowa K517,500. Kuchotsa minibasi yanu kutsala K473,500. Pitani ndi kalata ya ku Chilekayo m'manja akaione okha.