Ndilembe bwanji uthenga wotsatsa malonda m'mwezi wa Ramadhani osalakwira anthu?

Mwini funso: Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kalesitilanti ku Mangochi, ine ndine Mkhristu koma makasitomala anga ambiri ndi Asilamu. Ramadhani ya chaka chatha masana kunali zii, mpunga kumangotsala m'mapoto. Chaka chino mphwanga wandilembera izi kuti tiike pa WhatsApp ndi pa timapepala: "Mwezi wa njala wafika! Osavutika, bwerani mudzakhute. Mpunga wa nkhuku mtengo wotsika kuyambira 12 koloko masana." Pamwamba akufuna aikepo chithunzi cha mzikiti ndi mawu a Chiarabu amene wawapeza pa foni. Mtima wanga sukukhazikika. Ndichotse chiyani, ndisiye chiyani?

Bambo wa ku Dedza: Mayi, mungochotsa nkhukuyo muike chambo ndi nyemba. Nthawi yosala anthu sadya nyama, makamaka Lachisanu.

Mlongo wa ku Namwera: Bambo, imeneyo ndi Lenti yanu. Ife sitidya kapena kumwa kalikonse, ngakhale madzi, kuchokera m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Likalowa, nkhuku timadya bwinobwino.

Mayi, mawu oyamba kuchotsa ndi "njala" ndi "osavutika". Munthu womanga, ndiye kuti wosala kudya, sakuona ngati wagweredwa tsoka, akupembedza. Mukamuuza kuti osavutika kenako n'kumuitana 12 koloko, zikumveka ngati mukumunyengerera kuti aphwanye swaumu, kusala kwakeko. Za Chiarabuzo zisiyeni ndithu. Mphwanuyo sadziwa kuti zikuti chiyani, mwina ndi ndime ya m'Kurani kapena muli dzina la Allah, pomwe timapepala totsatsa timathera pansi, ena amakulungira tchipisi. Chimenecho chokha chikhoza kukuthawitsirani anthu.

Chimene ife tikufuna kumva ndi nthawi. Timamasula pa Magharibi, pemphero la dzuwa likangolowa, cha m'ma 6 koloko, ndipo adhana yoitanira anthu kupemphero ikamveka palibe wofuna kudikira kuti chakudya chipse. Ine ndikanalemba chonchi: "Kwa abale athu amene mukumanga, tikukufunirani Ramadhani yabwino. Futali wa mbatata, samusa ndi tiyi zikhala zokonzeka dzuwa lisanalowe. Itanitsani isanakwane 4 koloko, mudzatenge kuyambira 5 koloko." Musalembe ola lenileni lomasulira, mphindi zimasuntha m'kati mwa mwezi ndiponso Mangochi ndi Lilongwe sizifanana. Ingonenani kuti Magharibi.

Mnyamata wosindikiza timapepala: Zoona, koma musachite mantha kwambiri. Ikani kamwezi ndi nyenyezi, mulembe kuti halali ndi zilembo zazikulu, anthu abwera okha. Ndimapangira masitolo ambiri choncho.

Mlongo wa ku Namwera: Kamwezi kalibe vuto achimwene, koma halali si zokongoletsera pepala. Anthu afunsa kuti wazinga nkhukuzo ndani. Mayi, mumazigula kuti?

Mwini funso: Ng'ombe ndimagula kwa Msilamu kumsika. Nkhuku amapha ndi mnyamata wanga wantchito, si Msilamu. Ndiye zikatero?

Mlongo wa ku Namwera: Musalembe halali. Pezani Msilamu azikuzingirani, ndipo pa pepala munene zoona zokhazo, kuti nyama yonse yazingidwa ndi Msilamu. Satifiketi ndi nkhani ina, mukafunse ku Muslim Association of Malawi.

Mayi wa golosale ku Limbe: Ine chinandigwira ndi deti. Ndinasindikiza mapepala olemba tsiku la Idi, mwezi osaoneka usiku umenewo, anthu n'kumanga tsiku lina lowonjezera. Ramadhani imakhala masiku 29 kapena 30, ndipo chaka chilichonse imafulumira ndi masiku 10 kapena 11, choncho pepala la chaka chatha musalikhulupirire. Panopa ndimangolemba kuti "mpaka tsiku la Idi". Komanso ndinaona kuti chimayenda kwambiri ndi tende, shuga ndi mafuta ophikira, poti ambiri amamasulira kunyumba kapena kumzikiti. Inu a lesitilanti ganizani zoti anthu azitenga kupita nazo, osati kukhala pa tebulo. Kukada ambiri amakhala ku Tarawehe, mapemphero ausiku a mwezi wa Ramadhani.

Mwini funso: Zikomo nonse. Nanga chakudya cha masana? Aphunzitsi ndi madalaivala osamanga amadyabe kwa ine. Zithunzi za nkhuku yootcha ndiziika masana pa foni kapena ayi?

Bambo wa ku Machinga: Gulitsani, sitikukanizani. Kungoti uthenga wa masana ukhale wapadera, usatchule Ramadhani. Koma zithunzi ayi, muziika dzuwa litalowa kapena nthawi ya dakwi, anthu akadzuka kudya kusanache. Kumuonetsa munthu nkhuku yonona 2 koloko masana ndi kusowa ulemu.

Mlongo wa ku Namwera: Apo Che, sindikugwirizana nanu. Ine 2 koloko ndi pamene ndimaganiza kuti madzulo tidya chiyani, chithunzi chabwera usiku chindithandiza chiyani? Kumsika timadutsa pa ziwaya za tchipisi tsiku ndi tsiku, swaumu yathu siphwanyika.

Bambo wa ku Machinga: Inu simuphwanya, koma ana amene akuphunzira kumanga chaka chino?

Mwini funso: Ndiye masana ndiika mawu okha ndi mitengo, zithunzi ndiyesa madzulo sabata yoyamba ndione. Alipo wodziwa ngati futali wa chinangwa amayenda kuposa wa mbatata? Chinangwa ndi chimene ndikuchipeza mosavuta panopa.