Za malikisi a masamu aja: takonza

"Ndalemba malikisi olakwika pa malipoti a Giredi 9, ndipo makolo atenga kale. Ndikonze bwanji?" Ndinafunsa motero tikutsekera temu kuno ku Chipata.

Zikomo nonse amene munayankha. Ndinatsata malangizo a amadamu amene anati ndisakonze mwakachetechete, ndiyambe ndauza a hedi, kenaka mphunzitsi wina aone nane mapepala onse.

Pepalalo linali la malikisi 60, koma ine ndinawalemba ngati a pa 100. Mwana amene anapeza 42 anaoneka wolephera, chikhalirecho ndi 70 peresenti. Pa kompyuta tinakonza ndi =B2/60*100, pomwe B2 ndi kabokosi kokhala ndi malikisi a mwana. Chizindikiro chinalipo kale: kalasi yonse panalibe wopitirira 60. Mukaona zotere, bwererani ku mapepala.

M'buku la malikisi sitinafute chilichonse. Tinadula mzere umodzi pa nambala yakale, yatsopano pambali, siginecha ndi deti. Kenaka tinawerengetsanso matotala, chifukwa manambala a ana m'kalasi anasintha. Amene anatsika pa mndandanda wa kalasi ndiwo anafuna kufotokozeredwa modekha.

Zomata maina pabolodi ndinakana. Malikisi a mwana ndi nkhani ya iye ndi makolo ake. Kholo lililonse linalandira kalata yodinda chidindo cha sukulu:

"Pepani, tinalakwitsa malikisi a masamu a mwana wanu. Tinalemba 42, oona ndi 70. Kulakwa ndi kwathu, osati kwa mwana. Lipoti latsopanoli lilowa m'malo mwa lakale, lomwe tikupempha mubweze."

Bambo wina anabwera atakwiya, anali atamulanga kale mwana. Ndinawapatsa pepalalo, anawonkhetsa okha, ndipo ndinapepesa mwanayo ali pomwepo.