Uthenga wotsatsa solawu ndiukonze bwanji kuti akuluakulu akumudzi aulandire?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimagulitsa masola a mababu atatu, olipira pang'onopang'ono. Kapepala kathu ka ku Lilongwe kamati: "Magetsi athimanso? Usadandaule aise! Dipoziti K20,000, kenako K500 pa tsiku. Tchaja foni yako. Tipeze pa WhatsApp." Achinyamata amagula ndithu. Koma nditagawa timapepalati tsiku la msika ku Mchinji, agogo ena anakawerenga atakaika patali ndi maso, n'kundibwezera osanena kanthu. Zinandiwawa. Mtengo ndi kalipiridwe sindingasinthe, n'za abwana. Ndisinthe mawu ati?

Nachisale: Achimwene, mwawafunsa za kuthima kwa magetsi anthu oti mawaya a ESCOM sanafike kwawo. Chomwe chimawavuta ndi mabatire a tochi otha msanga, ndi ulendo wokatchajitsa foni patauni. Yambirani pamenepo. Ndipo "aise", "usadandaule", "foni yako" muchotse, muike "inu". Munthu wa zidzukulu satchulidwa iwe ndi kapepala. Ine ndinagulitsapo mbaula kumudzi, ndikanalemba motere: "Bambo, mayi, nyumba yanu iwale usiku, ana awerenge, foni mutchaje pakhomo. Poyamba mupereka K20,000." Zilembo zikhale zazikulu, ndipo muike nambala yoimbira, chifukwa ambiri ali ndi mafoni a mabatani.

Bambo a Tadala: Akumudzi ndalama amaiona akagulitsa mtedza ndi soya. Ingolembani kuti adzalipira akakolola.

Nachisale: Za ndalamazo mwanena zoona, koma akalemba choncho wasintha malonda, komanso wanama. Achimwene, masiku olipira ndi angati? Nanga munthu akadumphitsa chimachitika n'chiyani?

Mwini funso: Masiku 360. Akadumphitsa, sola imatseka mpaka alipire. Kulipiriratu masiku ambiri n'kololedwa.

Nachisale: Ndiye zonse pamodzi ndi K200,000. Ilembeni poyera. Wachinyamata amayang'ana K500 kuti ndi yochepa, koma wamkulu akamva "pa tsiku" osamva pothera amati ndi katapila. Lembani: "K500 pa tsiku kwa masiku 360, ndiye kuti K3,500 pa sabata. Mukagulitsa mbewu mukhoza kulipiriratu. Mukamaliza, sola ndi yanu." Zotsekazo muwauzenso nokha asanagule. Akadzazizindikira mu Febuluwale, ufa utatha m'nyumba nayo nyale yakana kuyaka, mudzi wonse udzadziwa ndipo simudzagulitsakonso.

Mphwanga wa ku Dedza: Mumafika ku Dedza? Ndikufuna ya TV.

Mayi Banda: Ine K200,000 ija ndikuiopa. Mayi anga akaiona pamwamba pa pepala sawerenganso kwina. Ineyo ndikanainena pakamwa, nyale ikuyaka pamaso pawo.

Mwini funso: Zikomo nonse. K200,000 ija ndiilemba ndithu, koma m'munsi mwa K20,000 pa pepalapo. Chandisowetsa mtendere tsopano ndi mawu oti "imatseka". Ndikawawerengera amalume mokweza madzulo ano ndimve ngati sakuwaopseza. Alipo ali ndi mawu ena ofatsa koma osabisa?